Nambala yaitali pamalo pa deti: kuwerenga nthawi ya Unix osalakwitsa maola awiri

Funso lakuti nambala yaitali yooneka pamalo pa deti m'fayilo ikutanthauza chiyani labwera kokwanira, ndiye ndilembe yankho lake kamodzi. Kalaliki watulutsa fayilo m'sikelo ya magetsi yoyezera masamba a tiyi pashedi ina ku Thyolo. Nambala ya mlimi ikuoneka, makilogalamu akuoneka, koma pamene payenera kukhala tsiku ndi nthawi pali 1710228942. Mutu wa kolamuyo umakhala `timestamp`, `created_at` kapena `epoch`. Zomwezi zimachitika ndi makina odindira chala polowa ntchito kufakitale, zoyezera mvula m'munda ndiponso mapulogalamu a pafoni olembera alimi. Ena amaganiza kuti fayilo yawonongeka. Ena amaiyesa nambala ya lisiti n'kufufuta kolamu yonse, ndipo pa tsiku la malipiro palibenso amene angasonyeze kuti thumba lakutilakuti linayezedwa liti.

Fayiloyo ili bwinobwino. Nambalayo ndi nthawi, yotchedwa nthawi ya Unix, kungoti yalembedwa mmene makompyuta amaisungira.

Nambalayi ikuwerenga chiyani

Ikuwerenga masekondi. Poyambira pake ndi 12 koloko usiku polowa pa 1 Januwale 1970, pa nthawi ya UTC. Pamenepo nambala inali 0, ndipo sekondi iliyonse ikapita imaonjezeka ndi 1. Dzina lakuti Unix likuchokera ku pulogalamu yoyendetsa makompyuta imene inapangidwa ku Bell Labs ku America cha m'zaka zomwezo, ndipo kawerengedwe kake kanafalikira mpaka m'mafoni ndi m'masikelo a masiku ano. Tsiku limodzi lili ndi masekondi 86400, ndiye kuti 24 × 60 × 60. Ola limodzi lili ndi 3600. Mukagwira manambala awiriwa, masamu onse otsala ndi a kupulayimale.

UTC ndi nthawi imene dziko lonse lapansi linagwirizana kuti izikhala muyezo, yomwe ambiri tinazolowera kuitchula kuti GMT. Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse, sitisintha mawotchi ndi nyengo. Choncho pamene nambala inali 0, kuno inali 2 koloko usiku. M'nambalamo mulibe chilichonse chonena za dziko kapena dera. Foni ya ku Mulanje ndi seva ya ku Ulaya zikalemba chinthu pa sekondi imodzimodzi, zimalemba nambala imodzimodzi. Kusiyana kumabwera poiwerenga, ndipo zolakwika zambiri zimabadwira pamenepo.

1. Sungani fayilo yoyambirira musanaitsegule

Koperani fayiloyo ndipo muzigwira ntchito pa kope. Chifukwa chake ndi ichi. Excel ikaona nambala ya madijiti 12 kapena kuposerapo imaionetsa mwachidule, monga `1.71023E+12`. Mkati mwa pulogalamuyo nambala yonse ikadalipo, koma mukasunga fayilo ya CSV ili choncho, chimene chimalembedwa ndi chachidulecho. Mukadzaitsegulanso mupeza 1710230000000, ndipo matumba onse oyezedwa m'kati mwa maola pafupifupi atatu aoneka ngati anayezedwa pa sekondi imodzi. Palibe fomula yobwezeretsa madijiti otayikawo. Ngati mwaona `E+` m'kolamu, sankhani kolamu yonse, dinani Ctrl+1, sankhani `Number` ndipo ikani 0 pa `Decimal places`. Zikatha, sungani ntchito yanu ngati `.xlsx`.

2. Werengani madijiti

Ikani chala pasikirini muwerenge, musangoyerekeza ndi maso. Pa zaka zathu zino:

- madijiti 10, monga 1710228942, ndi masekondi;
- madijiti 13, monga 1710228942000, ndi mamilisekondi, ndiye kuti sekondi yogawidwa ka 1000. Mafoni a Android ndi mapulogalamu a pa intaneti amakonda imeneyi;
- madijiti 16 kapena 19 ndi tizigawo tating'onoting'ono kuposa pamenepo.

Pa yonseyi, madijiti 10 oyambirira ndiwo masekondi. Otsalawo ndi zidutswa za sekondi, ndipo pa ntchito ya kushedi mungathe kuwataya.

Kenako yang'anani madijiti awiri oyamba. Nambala yoyamba ndi 15 ili pakati pa Julayi 2017 ndi Sepitembala 2020. Yoyamba ndi 16 ili pakati pa Sepitembala 2020 ndi Novembala 2023. Yoyamba ndi 17 ili pakati pa Novembala 2023 ndi Januwale 2027. Musanachite masamu alionse mwadziwa kale chaka chimene muyenera kuyembekezera. Ngati fayilo ndi ya sabata yatha koma manambala akuyamba ndi 9 ndipo ndi madijiti 9 okha, vuto lili kuwotchi ya chipangizo, tidzafikako.

Si nambala yaitali iliyonse imene ili ya Unix. 20240312093542 ndi deti yolembedwa kale mothithikana: chaka, mwezi, tsiku, ola, mphindi, sekondi. 45363 ndi kawerengedwe ka Excel, kamene kamawerenga masiku kuchokera mu 1900. Nambala ya madijiti 12 yoyamba ndi 265 ndi foni ya mlimi.

3. Yesani kamodzi pamanja

Simudzachita zimenezi pa mizere 4000, koma kuchita kamodzi kumakupatsani mphamvu yotsutsa fomula ikanama. Gwiritsani ntchito kakyuleta ya pafoni. Makakyuleta ang'onoang'ono a m'golosale ambiri amathera pa madijiti 8, ndiye nambala yathuyi siikwanamo.

Titenge 1710228942.

Choyamba phatikizani 7200, amene ndi maola awiri a Malawi. Mupeza 1710236142.

Gawani ndi 86400. Kakyuleta ionetsa 19794.3997 ndi madijiti ena. Tengani 19794 yokha. Amenewa ndi masiku athunthu amene apita kuchokera pa 1 Januwale 1970. Za kuseri kwa kadonthozo musaziwerenge ngati maola ndi mphindi, chifukwa .39 si mphindi 39. Kuti mupeze nthawi, chulukitsani 19794 × 86400, mupeza 1710201600, ndipo ichotseni ku 1710236142. Chotsala ndi masekondi 34542. Gawani 34542 ndi 3600: maola 9, kutsala 2142. Gawani 2142 ndi 60: mphindi 35, kutsala masekondi 42. Nthawi yake ndi 09:35:42 m'mawa, yomwe ndi nthawi yomveka yoyezera masamba.

Tsopano masiku 19794 aja asanduke deti. Musagawe ndi 365, chifukwa zaka za masiku 366 zikusokonezani ndi pafupifupi masabata awiri. Njira yosavuta ndi kuwerenga zaka zinayizinayi. Zaka 1970, 1971, 1972 ndi 1973 pamodzi zili ndi masiku 1461, ndipo gulu lililonse lotsatira lili ndi masiku omwewo, chaka chachitatu m'gululo n'kukhala chotalika. Gawani 19794 ndi 1461: magulu 13, kutsala masiku 801. Magulu 13 ndi zaka 52, ndiye tafika pa 1 Januwale 2022. Chotsani 365 a 2022, kutsala 436. Chotsani 365 a 2023, kutsala 71. Sitingachotsenso chaka china, ndiye tili mu 2024.

Pa 71 chotsani 31 a Januwale, kutsala 40. Chaka cha 2024 chimagawika ndi 4, choncho Febuluwale wake ali ndi masiku 29. Kutsala 11. Apa ambiri amalemba 11 Malichi, n'kulakwa. 11 akutanthauza kuti masiku 11 a Malichi atha kale, ndipo tili m'kati mwa tsiku lotsatira. Onjezani 1 nthawi zonse. Deti ndi 12 Malichi 2024.

Pali njira yodziyesera nokha. Pa 1 Januwale 1970 linali Lachinayi. Gawani 19794 ndi 7, chotsala ndi 5. Werengani masiku 5 kuchokera Lachinayi: Lachisanu, Loweruka, Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri. Tsegulani kalendala ya pafoni, muona kuti 12 Malichi 2024 linalidi Lachiwiri. Mukanaiwala tsiku la 29 Febuluwale mukanapeza 13 Malichi, lomwe ndi Lachitatu, ndipo kusagwirizanako kukanakuuzani kuti mubwerere.

Kuti musamavutike ndi magulu a zaka, lembani manambala awa pakapepala. Ndi chiwerengero cha masiku pa 1 Januwale wa chaka chilichonse: 2023 ndi 19358, 2024 ndi 19723, 2025 ndi 20089, 2026 ndi 20454. Chotsani yaikulu imene ingachotseke, n'kupitiriza ndi miyezi. Pa chitsanzo chathu 19794 − 19723 ikupereka 71 yemwe uja.

4. Kolamu yonse mu Excel

Tinene kuti manambala ali mu kolamu A kuyambira mzere 2. Mu B2 lembani:

```
=(A2+7200)/86400+25569
```

Ndi masamu omwe tachita pamanja aja. Chachilendo ndi 25569 yekha, yemwe ndi nambala imene Excel imapereka kwa tsiku la 1 Januwale 1970. Ngati zanu ndi za madijiti 13, lembani:

```
=(A2/1000+7200)/86400+25569
```

Yankho lituluka ngati 45363.3998. Silinalakwike, langotsala kuvala. Dinani Ctrl+1, sankhani `Custom` ndipo lembani `dd mmm yyyy hh:mm:ss`. Ndikulimbikitsa `mmm` ya zilembo zitatu kuti mwezi uzioneka ndi dzina. 12/03/2024 pa kompyuta yoikidwa mwachimereka imawerengedwa ngati 3 Disembala, ndipo fayilo ikadutsa m'maofesi awiri simungadziwe amene anaiwerenga bwanji. Mukakhutira ndi B2, kokerani fomula mpaka pansi. Fomula yomweyi imagwira mu LibreOffice Calc ndi mu Google Sheets.

Mukafuna deti yokha, kuti muonkhetse makilogalamu a tsiku lililonse, kusintha kaonekedwe ka selo sikokwanira, chifukwa nthawi imakhala ikadali mkatimo ndipo `SUMIF` siona mizere ya tsiku limodzi ngati yofanana. Pangani kolamu ina ndi `=INT(B2)` n'kuiveka `dd mmm yyyy`. Onetsetsani kuti `INT` ikugwira pa nambala yophatikizidwa kale 7200. Mukadula musanaphatikize, zolembedwa za pakati pa usiku zigwera tsiku lolakwika.

Musanakhulupirire kolamu yonse, ikani 1700000000 mu selo ina n'kuipatsa fomula yanuyo. Iyenera kutulutsa 15 Novembala 2023, 00:13:20. Ikatulutsa 14 Novembala 22:13:20, maola awiri aja mulibe.

Zizindikiro za zolakwika zofala ndi izi. Selo yodzaza ndi `#####` ngakhale mutaikulitsa ikutanthauza kuti mwatenga mamilisekondi ngati masekondi, ndipo deti yake yagwera kupitirira chaka cha 56000, pamene Excel imathera pa 9999. Mizere yonse ikagwera pa 20 kapena 21 Januwale 1970, mwagawa ndi 1000 nambala imene inali kale masekondi. Mzere woonetsa 1 Januwale 1970, 02:00:00 ndi selo yopanda kanthu kapena ya 0, ndipo tanthauzo lake n'lakuti chipangizo sichinalembe nthawi. Musausiye m'malipoti ngati deti.

5. Nambala imodzi mwachangu

Pa Linux, lamulo ndi ili:

```
TZ=Africa/Blantyre date -d @1710228942
```

Liyankha `Tue Mar 12 09:35:42 CAT 2024`. `CAT` ndi chidule cha nthawi ya chigawo chapakati cha Africa, yomwe ndi yathuyi. Pa Windows tsegulani PowerShell:

```
[DateTimeOffset]::FromUnixTimeSeconds(1710228942).ToLocalTime().ToString()
```

Ili limatsatira dera limene kompyutayo inaikidwa. Kumapeto kwa yankho kuyenera kuoneka `+02:00`. Pa mndandanda wa Windows dzina la Malawi mulibe, timasankha `(UTC+02:00) Harare, Pretoria`. M'malamulo awiriwa musaphatikize 7200, chifukwa pulogalamuyo ikuphatikiza yokha. Masamba a pa intaneti otembenuza manambalawa nawonso amaonetsa mizere iwiri, wa GMT ndi wa nthawi ya foni yanu. Werengani mutu wa mzere musanakopere.

6. Maola awiri aja: muphatikize kapena ayi

Malangizo ambiri amathera pa fomula, koma mikangano yeniyeni imayambira pano. Lamulo lake ndi lalifupi: 7200 aphatikizidwe kamodzi, osati kawiri ndipo osati kusiyidwa. Chovuta n'kudziwa ngati wina anawaphatikiza kale inu musanaione fayilo.

Tione kaye zimene zimachitika mukawasiya. Usana palibe amene amadandaula kwambiri, chifukwa 07:35 m'malo mwa 09:35 imaonekabe ngati nthawi ya ntchito. Vuto limabwera usiku. Tsiku la UTC limatha 2 koloko usiku kuno, choncho chilichonse chochitika pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko chimalembedwa pa dzulo lake. Nyengo ya mvula, pamene masamba achuluka ndipo fakitale ikugwira usiku, zimenezi si zosowa. Tengani 1711926600. Popanda 7200 ikupereka 31 Malichi 2024, 23:10. Nthawi yeniyeni ya kuno inali 1 Epulo 2024, 01:10. Katundu ameneyu wasamuka tsiku, wasamukanso mwezi, ndipo mabuku a Malichi ndi a Epulo onse sagwirizana ndi zimene kapitawo wa shifiti analemba pamanja. Pa makina odindira chala, munthu wolowa 6 koloko m'mawa amaoneka ngati analowa 4 koloko, ndipo wina amayamba kumuwerengera maola oonjezera amene sanagwire.

Tsopano mbali inayo. Chipangizo chilichonse chili ndi zinthu ziwiri zosiyana: wotchi, ndi dera la nthawi, lomwe pasikirini limalembedwa `Time zone`. Chimatenga nthawi ya pawotchi, n'kuchotsa maola a deralo, ndipo chotsalacho ndicho chimasungidwa ngati nambala ya Unix. Zipangizo zambiri zimafika dera lake lili pa UTC kapena pa dziko limene zinapangidwira. Woika chipangizo amaona kuti wotchi yalakwika, amayang'ana pafoni yake, n'kuikonza pamanja kuti ionetse nthawi ya Malawi. Dera salikhudza. Pasikirini zonse zimaoneka bwino, malisiti osindikizidwa amatuluka ndi nthawi yolondola, koma nambala yosungidwa ndi yabodza. Ngati dera linali UTC, chipangizocho chikukhulupirira kuti 09:35 ya ku Thyolo ndi 09:35 UTC. Maola awiri aja alowa kale m'nambala. Inu mukaphatikizanso 7200 mupeza 11:35.

Kungoyang'ana nambala simungazindikire zimenezi. Muyenera kuyesa, ndipo kuyesako ndi kwa mphindi zochepa.

Tengani foni imene nthawi yake imachokera ku netiweki, osati yoikidwa pamanja. Dikirani mphindi yathunthu, tinene 10:15, ndipo yezani thumba loyesera kapena dindani chala nthawi yomweyo. Lembani 10:15 papepala pamodzi ndi deti. Tulutsani fayilo, pezani mzere umenewo, ndipo utembenuzeni popanda kuphatikiza kanthu:

```
=A2/86400+25569
```

Ikaonetsa 08:15, chipangizocho chili bwino. Phatikizani 7200 monga tanenera.

Ikaonetsa 10:15, chipangizocho chikusunga nthawi ya kuno ngati kuti ndi UTC. Musaphatikize kanthu pa mafayilo ake.

Ikaonetsa 07:15, dera linaikidwa pa UTC+3, monga Nairobi kapena Dar es Salaam, wotchi n'kukonzedwa pamanja. Muyenera kuphatikiza maola atatu, 10800. Ikaonetsa 02:15, dera lili pa UTC+8, nthawi ya ku China, ndipo muphatikiza maola 8, omwe ndi 28800. Mwachidule, kusiyana kwa nthawi ya papepala ndi imene yatuluka ndiko kumene muike m'malo mwa 7200.

Kusiyanako kukakhala maola athunthu koma osati awiri, vuto ndi dera. Kukakhala maola awiri ndi mphindi 7, dera lili bwino koma wotchi yatsalira ndi mphindi 7. Mawotchi a zipangizo zosalumikizidwa ku netiweki amatsalira kapena kuthamanga pang'onopang'ono, choncho mphindi 7 za lero sizinali 7 miyezi itatu yapitayo. Musachotse mphindi zomwezo pa chaka chonse ngati kuti zinali zokhazikika.

Ngati chipangizo simungachifikire, gwiritsani ntchito zimene mukudziwa kale. Tembenuzani mizere ya sabata yathunthu popanda kuphatikiza, n'kuona nthawi ya mzere woyamba wa tsiku lililonse. Ngati shedi imatsegulidwa cha m'ma 8 koloko ndipo mizere yoyamba ikuzungulira 6 koloko, nambalazo ndi UTC yeniyeni. Umenewu ndi umboni wofooka poyerekeza ndi thumba loyesera, koma umasiyanitsa bwino maola awiri ndi ziro. Lisiti yosindikizidwa imene mlimi anasunga ndi umboni wabwinopo, chifukwa ili ndi nthawi imene inali pasikirini.

Yesani chipangizo chilichonse pachokha. Masikelo awiri a mtundu umodzi, wina ku Thyolo wina ku Mulanje, angathe kukhala oikidwa mosiyana, ndipo mukasakaniza mafayilo awo musanatembenuze simudzathanso kuwalekanitsa. Onjezani kolamu ya dzina la chipangizo musanasakanize.

Za malire musade nazo nkhawa. Mozambique ali pa UTC+2 ngati ife, ndiye foni ikagwira netiweki ya ku Milange muli ku Muloza nthawi siisintha. Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ndi chimodzimodzi. Tanzania ndiye ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Dera loyenera kulipewa kwambiri ndi `London`. Anthu amalisankha poganiza kuti ndi GMT, koma Britain amapititsa mawotchi patsogolo ndi ola limodzi kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala. Chipangizo choikidwa pamenepo chimadumpha ola chokha, wina amachibweza pamanja, ndipo fayilo ya chaka chimodzi imakhala ndi kusiyana kuwiri.

7. Konzani chipangizo, koma lembani tsiku lokonzera

Yambani ndi dera. Sankhani `Africa/Blantyre` ngati lilipo. Ngati palibe, `Africa/Maputo`, `Harare` kapena `UTC+02:00` zimapereka nthawi yomweyo. Mukasintha dera, wotchi idumpha. Pamenepo ndiye muikonze, kapena muyatse `Automatic date and time` ngati chipangizocho chili ndi netiweki. Mukayamba ndi wotchi mubwereza vuto lomwe lija.

Chitani zimenezi ntchito ya tsikulo itatha, mutatulutsa kale fayilo, ndipo lembani m'buku deti ndi nthawi imene mwasintha. Kuyambira pamenepo zolembedwa zakale zimafuna fomula ina, zatsopano ina. Pa chipangizo chimene chinali pa UTC, manambala amabwerera m'mbuyo ndi 7200 pa nthawi yokonzayo. Mukakonza masana ntchito ili mkati, thumba loyezedwa pambuyo lidzakhala ndi nambala yaing'ono kuposa loyezedwa poyamba, ndipo kusanja mizere ndi nthawi kudzasokoneza ndondomeko yake. Mukamaliza, yezaninso thumba loyesera.

8. Deti ikatuluka 1970 kapena 2000

Mwatsatira zonse, madijiti mwawerenga bwino, koma mizere ina ikuonetsa Januwale 1970 kapena Januwale 2000. Kawirikawiri kabatire kakang'ono kosunga wotchi m'chipangizo katha. Magetsi akazima, wotchi imayambiranso pa 0 kapena pa 946684800, yomwe ndi 1 Januwale 2000. Sinthani kabatireko, kamene m'zipangizo zambiri ndi kozungulira ngati kobiri, kolembedwa `CR2032`.

Mizere yolembedwa kale siinatayikiretu. Wotchi inayambira polakwika, koma masekondi inali kuwerenga bwino. Tinene kuti mzere woyamba uli ndi 946690200 ndipo wina uli ndi 946695600. Kusiyana kwake ndi 5400, ola limodzi ndi theka. Ngati buku la pamanja likusonyeza kuti thumba loyambalo linayezedwa 08:05, linalo linayezedwa 09:35. Pezani mzere umodzi wodziwika nthawi yake, werengani kusiyana kwa nambala yoyenera ndi yolembedwayo, n'kuphatikiza kusiyana komweko ku mizere yotsatira. Zimenezi zimagwira mpaka pamene chipangizo chinazimanso. Mudzadziwa malowo chifukwa manambala amagwa mwadzidzidzi n'kuyambiranso pansi, ndipo chigawo chilichonse chimafuna mzere wake wodziwika.

Zina ziwiri zofunsidwa kawirikawiri

Nambala yokhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo ndi deti ya 1970 isanafike. −173232000 ndi 6 Julayi 1964, 00:00 UTC, tsiku limene Malawi analandira ufulu wodzilamulira. Mudzaziona m'kolamu ya masiku obadwa a alimi achikulire, ndipo fomula ya Excel ija imazitembenuza bwinobwino. Pa masiku obadwa samalani ndi chinthu chimodzi: pulogalamu ikasunga 12 koloko usiku ya kuno, nambalayo pa UTC ndi 10 koloko usiku wa dzulo lake, ndipo mukaiwala 7200 aliyense amabadwa tsiku limodzi msanga kuposa zimene zili pa chiphaso chake.

Chachiwiri ndi 2038. Zipangizo zakale zimene zimasunga nambalayi m'malo a mabiti 32 sizingapitirire 2147483647, yomwe idzakwana pa 19 Januwale 2038, 05:14:07 m'mawa nthawi ya Malawi. Sekondi yotsatira nambala imatembenuka n'kuonetsa 13 Disembala 1901. Makompyuta ndi mafoni atsopano amagwiritsa ntchito mabiti 64 ndipo alibe vutoli, koma sikelo ndi makina odindira chala zimakhala zaka zambiri pakhoma osasinthidwa. Pogula chatsopano, pemphani wogulitsa aike deti ya 20 Januwale 2038, ayeze kanthu kamodzi ndipo atulutse fayilo muli pomwepo. Nambala ya mzere umenewo iyenera kukhala yoposa 2147483647, yopanda chizindikiro chochotsera kutsogolo.